Thupi Likakana Magazi: Zovuta Zimene Zimabuka Pothira Magazi ndi Nthawi Yoyenera Kuwapereka

Magazi amene munthu amapereka kuti athandize odwala amakhala mamililita pafupifupi 450, ndipo ndi amene anthu amawatchula kuti painti imodzi. Ngakhale amaoneka ngati chinthu chimodzi chofiira, akawazunguza m'makina amagawika. Pansi pamakhala maselo ofiira, amene amanyamula mpweya wa okosijeni pogwiritsa ntchito himogulobini. Pamwamba pamayandama madzi achikasu otchedwa pulazima, momwe muli mapuloteni othandiza magazi kuundana. Pakati pamatsala kamzere kopyapyala ka maselo oyera ndi mapulateleti, tizidutswa tating'ono timene timathamangira kukatseka pamene mtsempha wabooka. Chilichonse mwa zigawo zimenezi chili ndi ntchito yake, kasungidwe kake ndi odwala ake, komanso chili ndi mavuto ake. Maselo ofiira a gulu lolakwika amaphulika m'thupi la wolandira, maselo oyera otsalira m'thumba amatenthetsa thupi, ndipo mapuloteni a m'pulazima amayambitsa ziwengo.

M'Malawi ntchito yotolera ndi kuyeza magazi ili m'manja mwa bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, lomwe linakhazikitsidwa mu 2003. Magazi amayezedwa ngati ali ndi HIV, matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi C komanso chindoko asanatumizidwe m'zipatala. Anthu ambiri akamva za kuopsa kwa kuthiridwa magazi amaganiza za matenda amenewa. Koma ngozi imene imafika msanga, nthawi zina dilipi itangoyamba kudontha, imachokera pa mmene thupi la wodwala likulandirira magaziwo.

Maselo ofiira

Maselo ofiira amasungidwa m'firiji yapadera pa madigiri 2 mpaka 6, ndipo amakhala masiku 35 kapena 42 malinga ndi mankhwala amene ali m'thumba. Thumba likatuluka m'firiji liyenera kuyamba kuthiridwa pasanathe mphindi 30, ndi kutha pasanathe maola 4, chifukwa magazi ofunda amaswanitsa mabakiteriya. Kwa munthu wamkulu amene sakutaya magazi, thumba limodzi limakweza himogulobini ndi galamu imodzi pa desilita.

Cholinga chothira maselo ofiira n'chimodzi chokha: kuti okosijeni azifika mokwanira ku ubongo, mtima ndi ziwalo zina. Munthu wamkulu wathanzi amakhala ndi himogulobini ya pakati pa 12 ndi 16 kapena kupitirira pang'ono. Kale madokotala ankathamangira kuthira magazi nambalayi ikatsika pa 10, koma kafukufuku wina wamkulu wa ku Canada amene anasindikizidwa mu 1999 anasonyeza kuti odwala kwambiri amene ankawadikira mpaka himogulobini itatsika pa 7 sankafa mochuluka kuposa amene ankawathira msanga. Kuyambira pamenepo 7 ndiye malire amene ambiri amatsatira kwa wamkulu amene sakutaya magazi, ndipo 8 ndi wa amene ali ndi matenda a mtima.

Nambala payokha siilamula. Mayi amene magazi akhala akuchepa pang'onopang'ono kwa miyezi chifukwa cha njoka zam'mimba ndi kusowa kwa ayironi amatha kufika ku chipatala akuyenda yekha ali ndi himogulobini ya 6.5, popeza thupi lake linazolowera. Iyeyu amafunika mapiritsi a ayironi, mankhwala a njoka ndi kufufuza komwe magazi akuthawira. Pomwe mayi amene akutaya magazi atangobereka akhoza kuyezedwa n'kupezeka ndi 10, chifukwa magazi otsalawo sanasungunuke ndi madzi a m'thupi, koma ali pafupi kufa. Kwa iyeyu dokotala amayang'ana kugunda kwa mtima, kutsika kwa bipi, kuzizira kwa manja ndi kuchuluka kwa magazi amene atayika.

Kwa ana, makamaka amene magazi awathera chifukwa cha malungo, malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse amati mwana athiridwe magazi himogulobini ikatsika pa 4, kapena ikakhala pakati pa 4 ndi 6 koma mwanayo akubanika, wakomoka kapena mtima ukulephera. Mlingo wake ndi mamililita 20 a magazi athunthu pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa mwana, kapena mamililita 10 ngati ali maselo ofiira okhaokha. Motero mwana wa makilogalamu 12 amalandira mamililita 240 a magazi athunthu, osati thumba lonse. Kafukufuku wotchedwa TRACT, amene anachitika ku Uganda ndi ku Blantyre ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2019, anapeza kuti ana a himogulobini ya 4 mpaka 6 amene alibe zizindikiro zoopsa akhoza kuyang'aniridwa mosamala n'kuthiridwa magazi pokhapokha akayamba kuipiraipira, popanda kuchulukitsa imfa. Mfundoyi ndi yolemera m'zipatala zimene firiji ya magazi imakhala yopanda kanthu m'nyengo ya dzinja, pamene malungo amachuluka ndipo ana asukulu, omwe amapereka magazi ambiri, amakhala ali patchuthi kwa masabata angapo.

Mapulateleti ndi pulazima

Mapulateleti salowa m'firiji. Amasungidwa pa madigiri 20 mpaka 24, pa makina amene amawagwedeza usana ndi usiku, ndipo nthawi zambiri amangokhala masiku 5. N'chifukwa chake amasowa, ndiponso n'chifukwa chake ndi amene amagwidwa kwambiri ndi mabakiteriya kuposa zigawo zina zonse. Munthu wathanzi amakhala ndi mapulateleti 150,000 mpaka 450,000 pa mayikulolita imodzi ya magazi. Akachepa kwambiri, pakhungu pamatuluka timadontho tofiira, nkhama zimatuluka magazi, kamfuno salekeka, ndipo choopsa kuposa zonse ndi kukha magazi mu ubongo. Wodwala amene mafuta a m'mafupa ake asiya kupanga mapulateleti, monga wa khansa ya m'magazi amene akulandira mankhwala amphamvu, amapatsidwa mapulateleti akatsika pa 10,000 ngakhale asakutaya magazi. Amene akutaya magazi kapena akukonzekera opaleshoni yaikulu amafunika akhale pamwamba pa 50,000, ndipo opaleshoni ya ubongo imafuna 100,000.

Pali odwala ena amene mapulateleti awo ndi ochepa koma kuwathira ena sikuthandiza. Amene chitetezo cha m'thupi mwake chikuwononga mapulateleti ake omwe chimawononganso achilendowo m'maola ochepa, choncho amapatsidwa pokhapokha akutaya magazi moika moyo pachiswe. Malungo nawonso amatsitsa mapulateleti kawirikawiri, koma amakwera okha malungowo akachizidwa.

Pulazima imaumitsidwa itangolekanitsidwa ndipo imatha kukhala chaka kapena kupitirira. Ikafunika amaisungunula pa madigiri 30 mpaka 37 n'kuipereka msanga. Imaperekedwa kwa munthu amene akutaya magazi chifukwa mapuloteni oundanitsa magazi amuthera: mayi amene nsengwa inachoka mwana asanabadwe ndipo magazi ake asiya kuundana, wovulala pangozi amene walandira kale matumba ambiri a maselo ofiira, wodwala chiwindi amene akusanza magazi, kapena amene wamwa wafarini wochuluka ndipo akukha magazi pamalo pamene palibe mankhwala apadera obwezera, pamodzi ndi vitamini K. Mlingo wake ndi mamililita 10 mpaka 15 pa kilogalamu, kutanthauza matumba atatu kapena anayi kwa wamkulu. Kupereka thumba limodzi lokha ndi kuika wodwala pangozi popanda phindu. Pulazima si yowonjezera madzi m'thupi ndipo si chakudya cha wodwala wowonda.

M'zipatala zambiri za m'maboma zigawo zimenezi sizipezeka nthawi zonse, ndipo chimene chimakhalapo ndi magazi athunthu. Magazi athunthu amene akhala m'firiji masiku angapo amapereka maselo ofiira ndi gawo lina la mapuloteni oundanitsa magazi, koma sangadaliridwe ngati njira yokwezera mapulateleti.

Kuphulika kwa maselo ofiira

Vuto loopsa kwambiri limabwera munthu akathiridwa magazi a gulu losagwirizana ndi lake. Magulu a A, B ndi O anawatulukira Karl Landsteiner ku Vienna mu 1901, ndipo gulu la AB linapezeka chaka chotsatira. Pa khungu la selo lofiira pamakhala chizindikiro cha A, cha B, zonse ziwiri, kapena popanda chilichonse, komwe ndi gulu O. Chimene chimapangitsa nkhaniyi kukhala yoopsa n'chakuti munthu aliyense, kuyambira ali khanda la miyezi ingapo, amakhala kale ndi asilikali otchedwa maantibode olimbana ndi chizindikiro chimene iye alibe. Wa gulu A ali ndi olimbana ndi B, wa gulu B ali ndi olimbana ndi A, wa gulu O ali ndi onse awiri, pomwe wa AB alibe. Thupi silidikira kuphunzira mdani: asilikaliwo amakhala ali chire tsiku loyamba lomwelo. Ndiye chifukwa chake maselo ofiira a gulu O akhoza kupita kwa aliyense, koma munthu wa gulu O angalandire maselo a O okha. Pa pulazima zinthu zimatembenuka, ya AB ndiyo imapita kwa aliyense chifukwa ilibe asilikaliwo. Pafupifupi theka la Amalawi ndi a gulu O, kotero thumba likasokera, mwayi woti ligwere munthu amene lingamuphe ndi waukulu.

Maantibode akagwira maselo achilendo amadzutsa mapuloteni ena a chitetezo amene amaboola maselowo ali m'mitsempha momwemo. Himogulobini imakhuthukira m'magazi. Mitsempha imamasuka ndipo bipi imagwa. Timagazi toundana timapangika paliponse m'thupi n'kumaliza mapulateleti ndi mapuloteni oundanitsa, kotero wodwala amayamba kukha magazi pamabala ndi pobayidwa majakisoni. Impso, zimene zikulandira magazi ochepa uku zikusefa himogulobini yotayikayo, zimafooka n'kusiya kupanga mkodzo. Mamililita 10 kapena 20 okha ndi okwanira kuyambitsa zonsezi, koma kukula kwa ngozi kumatsatira kuchuluka kwa magazi amene alowa.

Kawirikawiri cholakwika sichikhala m'makina a ku labotale. Chimakhala pa dzina: kabotolo ka magazi oyeza kolembedwa dzina la munthu wina, thumba lotengedwa m'firiji mothamanga, kapena thumba loyenera lopachikidwa pabedi losayenera. Chitsanzo chongoyerekezera chingasonyeze mmene zimachitikira.

M'wodi ya amayi oyembekezera muli amayi awiri a mfunda umodzi, ogona mabedi oyandikana, ndipo onse awalembera magazi. Woyamba, wa makilogalamu 60 ndi wa gulu O, wataya magazi ambiri pobereka ndipo himogulobini yake ndi 5.8. Wachiwiri ndi wa gulu A. Usiku thumba la wachiwiri lafika kuchokera ku labotale, ndipo namwino amene akusamala odwala ambiri yekha wafunsa kuti, "Ndinu mayi akutiakuti?" Mayi wofookayo wangovomera ndi mutu. Funso loyenera linali lakuti, "Mayi, tandiuzani dzina lanu lonse ndi tsiku lobadwa," kenako kuyerekeza yankholo ndi zolembedwa pathumba, pafomu ndi pafayilo, anthu awiri akuwerenga limodzi pabedi pomwepo.

Asanayambe, thupi la mayiyo linali pa madigiri 36.8, mtima ukugunda ka 104 pa mphindi, bipi ili 105/65. Patapita mphindi 10, mamililita pafupifupi 30 atalowa, wayamba kudandaula kuti mkono ukuotcha kutsata mtsempha, msana ukupweteka cha m'chiuno, pachifuwa pathina, ndipo ali ndi mantha oti afa. Mantha amenewa madokotala amawatenga ngati chizindikiro chenicheni. Akunjenjemera, thupi lafika pa 38.6, mtima pa 132, bipi yagwa kufika 80/45. Mkodzo wa m'kathumba ka kafeta wasanduka wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka.

Choyamba ndi kutseka dilipi, asanaitane aliyense. Thumba ndi chipaipi chake chonse zimachotsedwa, chifukwa m'chipaipimo muli magazi ena amene sayenera kukankhidwira m'thupi, koma kanyula imasiyidwa m'mtsempha ndipo amalumikizapo chipaipi chatsopano cha madzi amchere a salaini. Wodwala amapatsidwa okosijeni, dokotala amaitanidwa, ndipo dzina la pathumba limawerengedwanso. Apa cholakwikacho chaonekera, ndipo nthawi yomweyo wina amathamangira kubedi linalo, chifukwa pamene thumba limodzi lasokera n'kutheka kuti lachiwiri lasokeranso.

Ku labotale kumapita thumba lotsalalo, chipaipi chake, mkodzo, ndi magazi atsopano otengedwa kumkono winawo. Akawazunguza, pulazima imene imayenera kukhala yachikasu imaoneka yofiirira. Amayezanso gulu la wodwala ndi la thumba, ndi kuchita mayeso a Coombs amene amaonetsa maantibode omatirira pa maselo ofiira. Palibe mankhwala obweza maselo amene aphulika kale. Ntchito yonse ndi yosunga bipi ndi kuteteza impso: madzi a salaini okwanira, kuyeza mkodzo ola lililonse kuti usachepere mililita imodzi pa kilogalamu, komwe kwa mayiyu ndi mamililita 60, ndi kupereka fulusemayidi ngati mkodzo ukuchepa madzi atalowa kale mokwanira. Amayang'aniranso potaziyamu, kagwiridwe ntchito ka impso ndi kuundana kwa magazi kwa masiku angapo. Impso zikaima, wodwala amafunika makina osefa magazi, omwe amapezeka m'zipatala zazikulu zochepa. Mayiyu akufunikabe magazi, ndipo adzalandira a gulu O atayezedwanso mwatsopano. Chifukwa dilipi inatsekedwa pa mamililita 30, mwayi wake wochira ndi waukulu. Zikanakhala kuti namwino anapachika thumba n'kuchoka, kubwerako litatha, nkhani ikanakhala ina. Lamulo loti wothira magazi ayambe pang'onopang'ono, akhale pafupi ndi kuyezanso wodwala pakatha mphindi 15 linaikidwa chifukwa cha zimenezi.

Wodwala amene wagonekedwa tulo m'fiyeta kapena wakomoka sangadandaule za msana. Kwa iye zizindikiro ndi bipi yogwa popanda chifukwa chooneka, bala la opaleshoni lokha magazi paliponse ndi mkodzo wofiira. Kumalo a malungo pali msampha wina, chifukwa malungo aakulu nawonso amatha kuphulitsa maselo ndi kudetsa mkodzo. N'chifukwa chake mtundu wa mkodzo ndi kutentha kwa thupi ziyenera kulembedwa dilipi isanayambe.

Maselo amathanso kuphulika gulu lili lolondola, ngati thumba lasamalidwa molakwika. Kuliviika m'madzi otentha kapena kuliika padzuwa kuti lifunde, kulisiya kuti liume ngati ayezi, kapena kuthira magazi pa chipaipi chimodzi ndi madzi a shuga, zonsezi zimaswa maselo asanalowe kapena akulowa. Madzi okhawo amene amayenda ndi magazi ndi salaini, ndipo m'thumba la magazi simuthiridwa mankhwala aliwonse.

Kutentha thupi popanda kuphulika kwa maselo

Vuto lofala kwambiri ndi lofatsa. Wodwala amamva kuzizira, amanjenjemera, mutu umapweteka, ndipo thupi limatentha kufika madigiri 38 kapena kuposa, litakwera ndi digiri imodzi kuchokera pamene linali. Zimachitika magazi akulowa, nthawi zambiri chakumapeto, kapena pasanathe maola 4 atatha. Bipi siigwa ndipo mkodzo susintha mtundu.

Gwero lake ndi maselo oyera a wopereka magazi. Ali m'thumba amatulutsa timadzi totenthetsa thupi timene timachulukirachulukira masiku akamapita, makamaka m'matumba a mapulateleti amene amakhala pamalo ofunda. Nthawi zina wolandirayo amakhala ndi maantibode olimbana ndi maselo oyera achilendo, zimene zimapezeka kwambiri kwa amayi amene anaberekapo kangapo ndi kwa anthu amene amathiridwa magazi pafupipafupi, monga odwala sikoselo. Mayiko amene amasefa maselo oyera m'matumba onse, monga Britain kuyambira mu 1999, vutoli linachepa kwambiri.

Kuvuta kwake n'kwakuti m'mphindi zoyamba silisiyana ndi zinthu zakupha. Kuphulika kwa maselo kumayamba ndi kunjenjemera. Thumba la mabakiteriya limayambanso chimodzimodzi. Choncho palibe amene ayenera kunena kuti n'kutentha thupi wamba asanaimitse dilipi, kuwerenganso mayina, kuyeza bipi ndi kapumidwe, ndi kuona mkodzo. Zonse zikakhala bwino ndipo thupi silinafike pa 39, wodwala amapatsidwa panado, ndipo dokotala akhoza kulola kuti magazi apitirire pang'onopang'ono namwino ali pomwepo. Asipirini sayenera, chifukwa amafooketsa mapulateleti. Thupi likafika pa 39 kapena kukwera ndi madigiri 2, kapena kunjenjemera kukakhala kogwedeza bedi, wodwala akusanza ndipo bipi ikutsika, thumbalo silibwezeredwanso. Amaganizira mabakiteriya, amatumiza magazi a wodwala ndi a m'thumba kukawayeza, ndipo amayamba mankhwala amphamvu opha mabakiteriya kudzera m'mtsempha popanda kudikira zotsatira. Thumba lotere nthawi zina limadziulula lisanapachikidwe: limakhala lodontha, lakuda modabwitsa, la mibulu kapena lathovu.

Wodwala amene anali kale ndi malungo kapena chibayo amasokoneza chithunzichi, ndipo kutentha thupi kumene anabwera nako si chifukwa chomumana magazi amene akuwafuna. Chofunika ndi kudziwa pamene thupi linali poyamba kuti kusintha kuoneke.

Ziwengo

Ziwengo zimabwera chifukwa cha mapuloteni a m'pulazima ya wopereka magazi, kotero zimachitika kwambiri ndi pulazima ndi mapulateleti kuposa ndi maselo ofiira. Mwa anthu 100 olandira zigawo zimenezi, mmodzi mpaka atatu amatuluka zidzolo zotukuka, zoyabwa, khungu n'kufiira, kawirikawiri thupi lisanatenthe. Gulu la magazi likhoza kukhala lolondola ndithu, ndipo palibe mayeso a ku labotale amene akanalosera. Dilipi imaimitsidwa, wodwala amapatsidwa piritoni, ndipo ngati pakatha mphindi pafupifupi 30 zidzolo zikuzilala ndipo palibe china chimene chabuka, thumba lomwelo likhoza kupitirira pang'onopang'ono.

Malire ali pa kupuma ndi pa bipi. Milomo, lilime kapena zikope zikatupa, mawu akasasa, pachifuwa pakamalira, wodwala akamatsokomola, kusanza kapena kukomoka, ndiye kuti ziwengozo zafika poopsa, ndipo zimatha kutero pamphindi zochepa magazi atangolowa pang'ono. Apa piritoni sangapulumutse munthu. Mankhwala ake ndi adirenalini, mamiligalamu 0.5 kwa wamkulu, wobayidwa m'mnofu wa pantchafu, ndipo amabwerezedwa pakatha mphindi 5 ngati palibe kusintha. Wodwala amagonekedwa miyendo itakwezedwa, pokhapokha ngati kubanika kukumukakamiza kukhala tsonga, ndipo amapatsidwa okosijeni ndi salaini wothamanga. Kuzengereza kubaya adirenalini ndiko kumapha anthu ambiri pavutoli. Ena mwa odwala otere amapezeka kuti anabadwa opanda puloteni ya chitetezo yotchedwa IgA ndipo thupi lawo limaiona ngati mdani, ngakhale ambiri chifukwa chake sichidziwika. Amene zinamuchitikirapo amapatsidwa maselo ofiira otsukidwa ndi salaini kuti pulazima ichoke, ndipo nkhaniyo iyenera kulembedwa m'buku lake la kuchipatala.

Wodwala akabanika

Kubanika pothiridwa magazi sikuti nthawi zonse ndi ziwengo. Nkhalamba, khanda, mwana wonyentchera, wodwala mtima kapena impso, ndi munthu amene magazi akhala ochepa kwa nthawi yaitali, mtima wawo umalephera kunyamula madzi owonjezera akabwera mofulumira. Madzi amadzaza m'mapapo, mitsempha ya m'khosi imatupa, ndipo bipi imakwera m'malo motsika. Ameneyu amakhazikidwa tsonga, amapatsidwa okosijeni ndi fulusemayidi, ndipo kumuthira salaini wothamanga monga wa ziwengo kungamuphe. Vutoli limapewedwa popereka thumba limodzi pang'onopang'ono, kwa maola 3 mpaka 4, kenako kumuunikanso wodwala asanaganize za lachiwiri. Pali vuto linanso losowa, limene maantibode a m'pulazima ya wopereka magazi amavulaza mapapo a wolandira pasanathe maola 6. Limeneli limafuna okosijeni ndipo nthawi zina makina opumira.

Zobwera mochedwa ndi gawo la odikirira odwala

Kuphulika kwina kwa maselo kumachedwa. Kupatula A ndi B, maselo ofiira ali ndi zizindikiro zina zambiri, chodziwika kwambiri ndi RhD, chimene chimapangitsa gulu kutchedwa pozitivi kapena negetivi. Maantibode olimbana ndi zizindikiro zimenezi sabadwa nawo munthu, amapangika akakumana ndi magazi achilendo pothiridwa kapena pa mimba. Amatha kuzilala mpaka osaoneka pa mayeso, kenako n'kudzuka munthuyo akathiridwanso. Pakatha masiku 5 mpaka 10, nthawi zambiri atatuluka kale m'chipatala, maso amachita chikasu, thupi limatentha, mkodzo umada ndipo himogulobini imatsikanso. Kwa wodwala sikoselo zimenezi zimafanana ndi kuphwanya kwa mafupa kumene anakuzolowera, choncho ayenera kuuza dokotala kuti anathiridwa magazi posachedwa. Mtsikana kapena mayi wa gulu la negetivi amene angadzabereke sapatsidwa magazi a pozitivi ngati pali njira ina, chifukwa maantibode amene angapange akhoza kudzawononga magazi a mwana ali m'mimba.

M'zipatala zimene namwino mmodzi amasamala wodi yonse, gadiyani ndiye amakhala pafupi ndi bedi nthawi imene magazi akulowa, ndipo ayenera kuuzidwa zoyang'ana dilipi isanayambe. Kunjenjemera, kupweteka kwa msana kapena pachifuwa, zidzolo, kutupa nkhope, kubanika, kusakhazikika kwa mwana amene anali phee ndi kusintha kwa mtundu wa mkodzo ndi zifukwa zoitanira namwino nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Gadiyani sayenera kusintha liwiro la dilipi kuti ithe msanga kapena kufunditsa thumba. Iye kapena wodwalayo ali ndi ufulu wopempha kuti dzina la pathumba liwerengedwe mokweza, ndipo ayenera kunena ngati wodwalayo anathiridwapo magazi kale, ngati zinamuvutapo, ndi kuti anakhalapo ndi mimba zingati.